Njira ziwiri zoikira mtengo poyambira pa ndalama zolowa

Magulu ambiri a alimi amaika mtengo wa katundu wawo powerengera ndalama zimene alowetsa ndi kuwonjezerapo phindu. Njirayi ili pawiri, ndipo kusiyana kwake kwagona pa ndalama zimene phindulo likuwerengeredwapo.

Ndalama zolowa pa bizinesi zilipo za mitundu iwiri. Zina zimakwera katundu akamachuluka, monga zogulira mbewu, mabotolo ndi magetsi oyendetsera makina. Zina sizisintha ngakhale ntchito itaima, monga lendi, malipiro a mlonda ndi zosungira makina atsopano.

Mwachitsanzo chabe, tiyerekeze gulu la ku Migowi m'boma la Phalombe loyenga mafuta ophikira a mpendadzuwa. Lita imodzi imadya K3,000 ya ndalama zosintha, pomwe zosasintha ndi K1,000,000 pamwezi. Gululo likayenga malita 1,000, lita iliyonse imasenza K1,000 ya ndalama zosasinthazo.

Pa njira yoyamba, phindu limaikidwa pa ndalama zonse, zomwe ndi K4,000 pa lita. Kuwonjezera 25 peresenti kumafikitsa mtengo pa K5,000.

Pa njira yachiwiri, phindu limaikidwa pa K3,000 yokha, choncho liyenera kukhala lalikulu kuti lilipirenso lendi ndi mlonda. Kuti mtengo ufike pa K5,000 pakufunika pafupifupi 67 peresenti. Gulu loika 25 peresenti yomwe ija lingagulitse lita pa K3,750, n'kutsala ndi K750,000 pa malita 1,000, ndipo pakutha pa mwezi lingapereweredwe K250,000 pomwe likuganiza kuti likupindula.

Njira yoyamba nayo ili ndi msampha wake. Malonda akatsika kufika pa malita 500, lita iliyonse imasenza K2,000, ndalama zonse zimafika K5,000, ndipo mtengo umakwera kufika K6,250. Gululo limakweza mtengo pa nthawi imene ogula achepa kale, motero otsalawo amathawanso. Lingathenso kukana wogula wapadera wofuna kulipira K3,600 makina atangokhala, chonsecho lita iliyonse ikadasiya K600 yothandizira lendi.

Vuto la njira zonse ziwiri n'lakuti sizifunsa msika. Mu 2017 dziko la India lidaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo mitengo idagwa kwambiri m'maboma olima mbewuyi kuphatikizapo Phalombe. Ogula sadalabadire ndalama zimene mlimi adalowetsa m'munda.

Alangizi ndi maofesala ounika mapulani a magulu angathe kuyesa mtengo motere: achotse ndalama zosintha pa mtengo wogulitsira, kenaka agawe ndalama zosasintha ndi chotsalacho. Pa mtengo wa K5,000 chotsala ndi K2,000, kutanthauza kuti pakufunika malita 500 pamwezi kuti gulu lingobweza ndalama zake. Ngati msika sungagule malita amenewo pa mtengowo, pulaniyo iyenera kukonzedwanso.