Kuzindikira Miyala Poona Mtundu ndi Mzere: Golide, Pirite ndi Rubi

M'maboma a Chifunde, Macanga ndi Marávia, alimi ena akamaliza kukolola amatsikira kumitsinje kukasefa golide. Chomwe chimayamba kukopa maso m'mbale yosefera ndi mtundu wachikasu. Koma miyala yachikasu yonyezimira ndi yambiri, ndipo yomwe imapusitsa anthu kawirikawiri ndi pirite, imene pa Chipwitikizi amaitcha ouro dos tolos, kutanthauza golide wa zitsiru.

Mtundu wa kunja kwa mwala umasintha ndi dzimbiri, dothi kapena tizitsulo tochepa tosakanikirana m'kati mwake. Mtundu wa ufa wake susinthasintha choncho. N'chifukwa chake akatswiri a miyala amakhula mwala pa kachidutswa ka mbale yadothi yoyera, pamalo posapakidwa zonyezimira, n'kuona mzere wa ufa womwe watsalapo. Kumudzi, kuseri kwa thailosi yoyera kapena kamkombero kokhakhala ka kunsi kwa kapu yadothi kamakwanira. Thailosi yofiira kuseri siyoyenera, chifukwa imabisa mtundu wa mzere.

Tinene kuti munthu watola kamwala kachikasu kofanana ndi njere ya chimanga. Akakakhula pa thailosi, golide amasiya mzere wachikasu wowala, ndipo savuta kukhula chifukwa ndi wofewa. Pirite ndi yolimba, imafuna kudinikiza, ndipo mzere wake ndi wakuda mobiriwirako ngakhale mwalawo ndi wachikasu. Kalikopirite, mwala womwe muli mkuwa, imasiyanso mzere wakuda wobiriwirako. Ngati kamwalako kali ndi dzimbiri pamwamba, mzere woyamba ungatuluke wofiirira, choncho ndi bwino kukhula mpaka pofika m'kati moyera, kenaka n'kujambula mzere wina pambali.

Tinthu tating'ono ngati mchenga sitigwirika pokhula. Pamenepo singano ndi hamala zimathandiza. Golide amabooka ndi singano ndipo akamenyedwa amaphwatalala osasweka, pomwe pirite imaphwanyika n'kusanduka ufa wakuda. Mika, yomwe imanyezimira m'mchenga wa m'mitsinje, imasendeka timapepala topyapyala ndipo imakokoloka ndi madzi posefa, pomwe golide amatsalira pansi pa mbale.

Mzere wachikasu nawonso si umboni wotsiriza. Chitsulo chachikasu chopangira maloko ndi mipopi, chomwe Apwitikizi amati latão, chikhozanso kusiya mzere wachikasu, ndipo wachinyengo angachisungunule kuti chioneke ngati golide wa mumtsinje. Apa kulemera ndiko kumaweruza. Chidutswa chomwe chikamizidwa chimakweza madzi ndi mililita imodzi chimalemera magalamu 15 mpaka 19 chikakhala golide, pafupifupi 8.5 chikakhala chitsulo chachikasu chija, ndipo pafupifupi 5 chikakhala pirite. Sikelo yaing'ono ndi botolo la jekeseni lokhala ndi manambala zikhoza kuonetsa kusiyana kwakukulu chotere.

Pa miyala ya mtengo wapatali, thailosi sinena kanthu. Pa muyeso wa kulimba womwe Friedrich Mohs anakonza mu 1812, woyambira 1 kufika 10, thailosi ili pafupifupi pa 7. Mwala wolimba kuposa pamenepo umakanda thailosiyo, ndipo ufa woyera womwe umaoneka ndi wa thailosi, osati wa mwala. Rubi, yomwe inatchukitsa Montepuez kuyambira 2009, ili pa 9. Giranada yofiira, ngati ya ku Cuamba, ili pakati pa 6.5 ndi 7.5. Yonse iwiri ndi yofiira ndipo yonse imasiya zoyera pa thailosi, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Kusiyana kumaoneka pokanda mwala woyera wa kwatizo, womwe uli pa 7: rubi imaukanda mosavuta, pomwe giranada imalephera kapena imangosiya kachizindikiro kosaoneka bwino. Kuyesa kumeneku n'kwa mwala wosasema okha, chifukwa wosemedwa kale ungabenthuke.

Rubi yomweyo ikusonyeza mmene mtundu umasokeretsera. Rubi ndi safira ndi mwala umodzi wotchedwa korundumu. Kachitsulo kochepa ka kromiyamu kakalowamo umafiira n'kutchedwa rubi, pomwe ayironi ndi titaniyamu zimausandutsa safira wabuluu. Choncho mwala umodzi ukhoza kuvala mitundu ingapo, monganso miyala yosiyana imavala mtundu umodzi.

Palinso rubi yopangidwa m'fakitale. Mtundu, kulimba ndi kulemera kwake n'zofanana ndi za rubi yokumbidwa pansi, moti thailosi, kwatizo ndi sikelo sizingaisiyanitse. Amaizindikira ndi akatswiri okhala ndi magalasi okuzira zinthu, poyang'ana mizere yokhota ndi timathovu ta mpweya m'kati mwa mwalawo.