Maola atatu a agogo pa masamba anayi

Abale otsogolera makalasi a kulemba ndi kuwerenga, ambiri mwa inu mwayamba kujambula mau a akuluakulu pa foni, ndipo funso limene mumatifunsa ndi limodzi: tikajambula, nanga tilemba ziti? Pano tikufotokozerani m'mene tinachitira ndi agogo ena aakazi a kuno ku Angoniya, a zaka zopitirira 80, amene adzukulu ao anatipempha kuti tiwalembere mbiri ya mtundu wao. Agogowo anayankhula maola atatu ndi mphindi 10. Banja linkafuna masamba ochepa oti mwana wa sukulu awerenge pamaso pa abale onse.

Sitinalembe mau onse ai. Kulemba liu ndi liu zimene munthu wayankhula ola limodzi kumadya maola anayi kapena kupitirira, ndipo inu muli ndi minda. Tinamvetsera kaye ulendo umodzi, kope lili pamwendo, ndi kulemba mphindi ndi mutu wake basi: mphindi 12, mudzi wobadwira, mphindi 47, amuna ao atengedwa chibalo, ola 2 ndi mphindi 5, kuthawa nkhondo. Mndandanda umenewu unakwana masamba awiri, ndipo unationetsa kuti nkhani ya chibalo anaikamba katatu, ya munda wa kudimba kanayi. Nkhani imene munthu wamkulu akuibwereza chotero musaiyese kuiwala kwa ukalamba. Kawirikawiri ndiyo imene akufuna kuti isatayike.

Ulendo wachiwiri tinamvetsera maina okhaokha, ndipo apa mpamene pali ntchito yeniyeni. Munthu mmodzi kwathu kuno amakhala ndi maina angapo: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, lina lolembedwa pa pepala la Apwitikizi, kuonjezanso la mfunda, monga Naphiri kapena Nabanda. Agogo amangosinthasintha maina amenewa osachenjeza. Poyamba tinawerenga anthu 41, koma titabwerera kukafunsa anatsala 33, pakuti ena tinawawerenga kawiri. Tsono dzina lililonse tinalipatsa mzere wake: maina onse a munthuyo, mfunda wake ndi kumene unachokera, mai wake, bambo wake, mudzi, ndi kumene anaikidwa ngati anamwalira.

Chovuta china ndi mau achibale. Agogo akati "amai", angakhale akunena owabereka, kapena akulu ao a owabereka, kapena ang'ono ao. Ife tinalemba kuti amai ao anamwalira iwo ali wamng'ono, kenaka patsogolo tinamva amai omwewo akuwaphikira pa ukwati. Tinayamba kuganiza kuti agogo asokoneza. Osokoneza tinali ife: owabereka anamwaliradi, ndipo amene anawalera anali mai aang'ono. Tikanafupikitsa osafunsa, akazi awiri akanasanduka mmodzi, ndi mbumba yonse ya mai aang'onowo ikanalowa mzere wolakwika. Funso lake nlapafupi: "Agogo, amenewa ndi okuberekani kapena okulerani?" Chimodzimodzinso ndi "abambo" ndi "achimwene".

Zaka agogo sanatchule ngakhale chimodzi. Iwo amawerenga nthawi ndi zochitika, ndipo zina mwa izo zaka zake nzodziwika. Anati anathawira ku Malawi chaka chimene anamwalira Samora, ndiye kuti 1986. Anabwerera patapita dzinja limodzi mtendere utasainidwa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, choncho tinalemba 1993. Koma pamene anati mwana wao woyamba anabadwa "nthawi ya chibalo", sitinaike chaka. Lamulo la Apwitikizi linasintha mu 1961 ndi 1962, koma kukakamiza anthu ntchito sikunathe tsiku limodzi m'midzi yonse. Tinangolemba mau ao omwewo, ndi kuonjeza kuti "cha m'ma 1960 kapena m'mbuyo mwake". Chaka chimene mwaganizira inu chizioneka kuti nchanu, pakuti chikangolembedwa, adzukulu adzachikhulupirira kuposa pakamwa pa agogo.

Nkhani tinasankha zinayi: m'mene mtundu unafikira pamudzipo, za chibalo, za kuthawa, ndi za dimba. Muyeso wathu unali woti nkhaniyo ikhale yosapezeka m'buku lina lililonse. Agogo anatha mphindi 20 akufotokoza za ufulu wa 1975 monga anamvera pa wailesi, ndipo zimenezo tinaziika mu mzere umodzi. Koma za dimba tinazisunga zonse: amene anayamba kulilima, malire ake kuchokera pa mtengo wa mkuyu kufika kumtsinje, ndi anthu atatu amene analipo pamene nyakwawa anawabwezera malowo atachoka ku Malawi. Kope lathu si chikalata cha boma ai, komabe lamulo la malo la 1997 limalola umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, ndipo tsiku la mkangano banja lidzafuna kudziwa woti limuitane.

M'nkhani iliyonse tinachotsa mafunso athu, kubwereza, ndi zoyankhula ndi alendo odutsa, koma tinasiya ziganizo ziwiri kapena zitatu monga zinatulukira pakamwa pao, osazikonza kuti zifanane ndi Chinyanja cha m'buku. Pamene nkhani ya chibalo inasiyana, ulendo wina miyezi isanu ndi umodzi, ulendo wina chaka, tinalemba zonse ziwiri. Nkhani ina yokhudza mlandu wa munthu amene akali moyo, agogo anati isalembedwe, ndipo sitinailembe.

Masamba anayi atakwana, tinapita kukawawerengera pakhonde, mwana wao wamkazi ndi mdzukulu ali pomwepo. Anamvetsera akugwedeza mutu mpaka tinafika pa maina a ana ao asanu ndi mmodzi. Pamenepo anatiimitsa.

"Abusa, nanga wanga uja mwamusiya kuti?"

Tinakhala chete. Iwo anati, "Wotsiriza uja. Amene ndinamusiya ku Dedza."

Titabwerera ku mau ojambula tinamupeza pa ola 2 ndi mphindi 14, pakati pa nkhani ya kuthawa. Anangoti "kamtsikana kanga kanadwala titangofika", osatchula dzina, nkupitiriza za chimanga cholandira. Ife pofupikitsa tinadula chiganizocho. Kulakwa kunayambira pa funso lathu lomwe. Tinafunsa kuti "Muli ndi ana angati?" ndipo iwo anawerenga amoyo. Tikanafunsa kuti "Munabereka ana angati?" akanati asanu ndi awiri. Mdzukulu uja, wa zaka 19, anali asanamvepo kuti mai wake anali ndi mng'ono.

Tsiku lomwelo agogo anatchula dzina la mwanayo, ndi mudzi umene ali manda ake, ndi banja la ku Malawi limene linapereka nsalu yomuikira. Tinaonjeza mzere wa 34. Pansi pa tsamba lomaliza tinalemba tsiku lojambula, malo, wofunsa, amene analipo, ndi amene akusunga mau ojambulawo, pakuti foni imatayika ndipo tinawasamutsira pa makadi awiri. Kope limodzi lili kwa nkhoswe ya banjalo, lina kwa mdzukuluyo, amene akuti akakolola adzapita ndi mai wake ku Dedza kukaona mandawo.