Mankhwala a sitatini m'minda ya tiyi ku Thyolo

Sitatini ndi gulu la mankhwala ochepetsa kolesitero, mafuta amene amatseka mitsempha ya magazi n'kuyambitsa sitiroko ndi matenda a mtima. Otchipa ndi simvasitatini, womwa madzulo, ndi atovasitatini, womwa nthawi iliyonse.

Ku Thyolo ndalama za othyola tiyi zimachepa m'chilimwe masamba akachepa, ndipo kusiya mankhwalawa n'kosavuta poti kolesitero sapweteka. Komatu amakweranso pakangopita masabata ochepa. M'zipatala za boma mankhwala ndi aulere. Akasowa, wodwala amene anamulembera 20 mg angagule a 40 mg n'kumawadula pakati, dokotala atavomereza. Mapiritsi 30 amakwana miyezi iwiri.

Simvasitatini sagwirizana ndi ma ARV okhala ndi ritonaviri: amawononga minofu, imene imayamba kupweteka, mkodzo n'kuda.