Fayilo yake ndi iti? Mbiri ya maina a zophatikiza pa imelo

M'maofesi akale, kalata yotayipa pa makina inali ndi mwambo wake. Mlembi akamaliza, m'munsi mwa siginecha ya bwana ankalembamo `Encl.` n'kutchula mapepala onse amene alowa nawo mu envulopu: invoisi, risiti, kope la mgwirizano. Wolandira ankawerenga mzerewo kenako n'kuwerenga mapepala amene ali m'manja mwake. Likasowa limodzi ankadziwa nthawi yomweyo, ndipo ankadziwanso kuti lasowalo ndi liti. Imelo itabwera inatengera zambiri za kalata ya pepala, monga mutu, moni ndi makope opita kwa ena, koma mzere wotchula zophatikizawu unatsalira m'njira.

Poyamba panalibe chophatikiza n'komwe. Pamene Ray Tomlinson ankatumiza uthenga kuchokera pa kompyuta ina kupita pa inzake mu 1971 ku America, imelo inkanyamula zilembo zokhazokha: za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Chithunzi kapena pulogalamu sizikanadutsa.

Amene anaboola khomali ndi Mary Ann Horton, pa yunivesite ya California ku Berkeley, mu 1980. Pulogalamu yake, `uuencode`, inkasandutsa fayilo iliyonse kukhala mizere ya zilembo zosamveka, zimene munthu ankaziika m'kati mwenimweni mwa uthenga, pansi pa mawu ake. Mzere woyamba unkaoneka motere:

```
begin 644 lipoti.txt
```

Nambalayo inkanena amene ali ndi chilolezo chowerenga kapena kusintha fayiloyo pa makompyuta a Unix, ndipo pambuyo pake pankabwera dzina. Kenako mizere yambirimbiri ya zilembo zosokonekera, n'kutseka ndi mawu akuti `end`. Inali ntchito yotopetsa. Fayilo inkakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu n'kuposerapo pang'ono, ndipo ikakhala yaikulu ankaidula zidutswa n'kuitumiza m'maimelo angapo, mutu uliwonse utalembedwa kuti gawo 1/4, 2/4, mpaka kumapeto. Wolandira ankalumikiza yekha zidutswazo m'ndondomeko yake asanamasule. Koma njira imeneyi inali ndi ubwino umodzi umene anthu sankauona n'komwe: dzina la fayilo linali pamaso pa wowerenga, m'thupi la uthenga, pafupi ndi mawu ofotokoza chimene fayiloyo ili.

Zinthu zinasintha mu 1992. Nathaniel Borenstein, yemwe ankagwira ntchito ku Bellcore, ndi mnzake Ned Freed anakonza dongosolo lotchedwa MIME, limene linagawa imelo m'zigawo, chilichonse ndi chikwangwani chonena kuti ichi ndi mawu, ichi ndi chithunzi, ichi ndi nyimbo. Pa 11 Malichi chaka chimenecho Borenstein anatumiza chithunzi cha kagulu koimba ka anthu anayi kotchedwa Telephone Chords, kamene iye anali mmodzi wa oimba ake, pamodzi ndi nyimbo imene anajambula. Mu Juni malamulo ake anasindikizidwa m'chikalata cha RFC 1341. Atachimenti imene anthu akuidziwa lero, ya kachizindikiro ka kawaya kopanira mapepala, inayambira pamenepo.

Nanga dzina linapita kuti? Linachoka m'thupi la uthenga n'kukalowa m'chikwangwani chimene wowerenga sachiona. Mu 1995 Rens Troost ndi Steve Dorner, mlengi wa pulogalamu ya imelo ya Eudora, analemba lamulo la mzere umene umanyamula dzinalo, ndipo linakonzedwanso mu 1997 m'chikalata cha RFC 2183. Mzerewo ulipobe mpaka lero m'maimelo onyamula fayilo:

```
Content-Disposition: attachment; filename="lipoti.pdf"
```

Chikalatacho chimanena poyera kuti dzinali ndi longopereka maganizo chabe. Pulogalamu ya wolandira siyenera kulitsatira m'chimbulimbuli, makamaka ngati lingafute fayilo ina imene ilipo kale. N'chifukwa chake munthu wolemba anthu ntchito akatsitsa mafayilo a anthu khumi amene onse anatchula yawo `CV.pdf`, amapeza `CV (1).pdf`, `CV (2).pdf`, mpaka mmunsi, osadziwa kuti ya ndani ndi iti. Komanso pa zophatikiza wamba palibe chingwe chilichonse cholumikiza chiganizo cha m'uthenga ndi fayilo yake. Munthu akalemba kuti "onani yoyambayo", akukhulupirira kuti pulogalamu ya mnzake iwaonetsa m'ndondomeko imene iye anawaikira, pamene palibe chimene chimaikakamiza kutero. Mnzakeyo akayankha, mafayilo amatsala, mawu okha ndi amene amapitirira. Wachitatu amene walowetsedwa pakati pa nkhaniyo amangopeza "monga mwaonera m'chophatikizacho" popanda chophatikiza ngakhale dzina loti afunsire.

Maina okhawo analinso ndi ndende yawo. Pa makompyuta a DOS dzina silinkaposa zilembo 8, kuwonjezapo zitatu za pambuyo pa kadontho, choncho lipoti la ndalama la mwezi wa Malichi linkasanduka china chake ngati `LIPNDA03.DOC`, chimene mwini wake yekha ndiye ankachimva. Windows 95 inamasula anthu n'kulola maina aatali mpaka zilembo 255, koma chizolowezi chinakana kufa, ndipo makamera ambiri amatulutsabe `IMG_0001.JPG`, zilembo 8 ndendende. Zilembo zimene si za Chingerezi zinadikira mpaka 1997 kuti zipeze njira yovomerezeka, ya m'chikalata cha RFC 2231. Dzina la dziko lino likalembedwa ndi ŵ wake, limayenda m'chikwangwani ngati `Mala%C5%B5i.pdf`, ndipo pulogalamu imene siidziwa kumasula imaonetsa zinyalala kapena kupereka dzina lake lopeka. Mapulogalamu a masiku ano ambiri amatha, komabe alembi ochenjera amasiya chilembocho m'kati mwa chikalata, osati pa dzina la fayilo.

Kenako akuba anazindikira kuti anthu amakhulupirira dzina. Kumayambiriro kwa Meyi 2000, kachilombo kochokera ku Philippines kanafalikira dziko lonse m'maola ochepa, kakubisala m'fayilo yotchedwa `LOVE-LETTER-FOR-YOU.TXT.vbs`. Windows inkabisa mchira womaliza wa dzinalo, choncho anthu ankaona ngati ndi kalata wamba ya mawu, pamene inali pulogalamu. Uthenga wake unali wa mzere umodzi wopempha munthu kuti atsegule kalata yachikondi imene yaphatikizidwa, ndipo unkachokera kwa munthu womudziwa, chifukwa kachilomboko kankadzitumiza kwa onse a m'buku la maadiresi. Mu Febuluwale 2001 msampha womwewo unagwiranso anthu ndi `AnnaKournikova.jpg.vbs`. Kuyambira nthawi imeneyo, imelo ya mawu awiri atatu yokhala ndi fayilo yosafotokozedwa inayamba kukayikitsa, ndipo m'pomveka. Chiganizo chotchula fayilo ndi dzina lake, n'kunena za m'kati mwake mogwirizana ndi nkhani imene awiriwo akuidziwa, sichitsekera wakuba khomo kotheratu, koma chimapatsa wolandira poyambira kuyeza.

Makampani a imelo anathandizapo mbali imodzi yokha. Gmail inayamba kuyesa mu 2008 kachenjezo kamene kamafunsa munthu ngati sanaiwale fayilo, ndipo Thunderbird ndi Outlook zili nako kawo. Kachenjezoka kamasaka mawu odziwika, monga `attached`, n'kuona ngati pali fayilo. Sikadziwa ngati yaikidwayo ndi yolondola, ndipo wolemba m'Chichewa kuti "ndaphatikiza" asayembekezere kuti kamudzutsa, kupatula mu Thunderbird mmene munthu amatha kuwonjezera yekha mawu oti kazisaka.

Lero maina ambiri amapekedwa ndi foni kapena sikana. Tiyerekeze msungichuma wa kopaletivi ya alimi amene akutumiza kwa wapampando mafayilo atatu msonkhano usanachitike: lipoti la ndalama, risiti ya feteleza imene inabwera pa WhatsApp, ndi bajeti yofunika kusainidwa. Akawasiya mmene alili, wapampando alandira `Document1.pdf`, `IMG-20240312-WA0007.jpg` ndi `bajeti final final2.xlsx`, pansi pa mawu akuti "Landirani mapepala aja." Kuti adziwe chofunika siginecha, ayenera kutsegula onse atatu, mwinanso pa foni ya bandulo yotsala pang'ono kutha. Mwezi wamawa ikabwera bajeti ina "yomaliza", palibe angalumbire kuti inavomerezedwa ndi iti.

Kukonza kwake kumachitika fayilo isanalowe mu imelo. Dzina liyambe ndi chimene chimasiyanitsa fayiloyo ndi zinzake, chifukwa foni imadula dzina lalitali n'kuonetsa chiyambi chokha. Deti likhale chaka, mwezi, tsiku, monga mwa muyezo wa ISO 8601 wa 1988, popeza 03/04 kwa Mmalawi ndi 3 Epulo pamene kwa munthu wa ku America ndi 4 Malichi, ndiponso Windows salola kamzere kopendekeka kapena madontho awiri m'dzina la fayilo. M'malo mwa mawu akuti yomaliza, paikidwe nambala imene imakwera fayilo ikasinthidwa:

```
lipoti-ndalama_2024-03.pdf
risiti-feteleza_2024-03-12.jpg
bajeti-2024_v3.xlsx
```

Ndiyeno uthenga ugwire ntchito imene mlembi wa pa makina otayipira ankagwira: "A Wapampando, ndaphatikiza mafayilo atatu. Yofunika kuti muione ndi kuvomereza pofika Lachinayi ndi `bajeti-2024_v3.xlsx`. Yalowa m'malo mwa `v2` ya sabata yatha, ndipo chasintha ndi mtengo wa mayendedwe wokha. `lipoti-ndalama_2024-03.pdf` ndi loti muwerenge msonkhano usanayambe, makamaka tsamba 2. Risiti ya feteleza, `risiti-feteleza_2024-03-12.jpg`, ndi yongosunga." Kutchula chiwerengero kumathandiza wapampando kudziwa ngati imodzi yatsekeredwa m'njira kapena yaiwalika. Kulemba dzina ndendende mmene lilili kumathandizanso m'tsogolo, chifukwa dzinalo limatsala m'mayankho onse ngakhale fayilo itagwa, ndipo munthu akalisaka m'bokosi lake amalipeza.

Malire alipo. Gmail imalola zophatikiza zosaposa 25 MB pa imelo imodzi, ndipo fayilo ikaposa pamenepo imaiika pa Google Drive n'kutumiza linki. Fayilo ya pa linki ikhoza kusinthidwa imelo itapita kale, choncho chimene wapampando atsegule Lachinayi mwina sichikhala chimene msungichuma anatumiza Lolemba. Pa chikalata chofunika siginecha kapena chosungidwa ngati umboni, kope la PDF lokhala ndi deti ndi nambala m'dzina lake, lotchulidwanso chimodzimodzi m'uthenga, ndilo loyenera kutumiza.