Magawo a Umembala: Mtengo, Zopatsidwa ndi Ntchito Yowonjezera

Mu ntchito zolemba nkhani, kuimba ndi kupanga mapologalamu omvera pa intaneti, pali kusiyana pakati pa wolembetsa ndi membala, ngakhale onsewa amapereka ndalama mwezi ndi mwezi. Wolembetsa amagula mwayi wowerenga kapena kumvera zimene wosalipira sangazipeze, pomwe membala amapereka chifukwa chofuna kuti ntchitoyo isafe, ndipo kawirikawiri ntchito imene akuithandizayo imakhala yotsegukira aliyense. Nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inayamba umembala wake mu 2014, ndipo Daily Maverick ya ku South Africa inayamba wake mu 2018, koma zonse ziwiri sizinatseke nkhani zawo za pa intaneti kwa osalipira. Kusiyana kumeneku ndiye maziko a zonse zotsatira, pakuti munthu amene wabwera kudzathandiza safunika kunyengereredwa ndi mphatso zochuluka ngati wogula pamsika.

Gawo la umembala ndi mtengo wokhazikika pamodzi ndi mndandanda wa zinthu zimene wopereka mtengowo amalonjezedwa, ndipo zinthuzo ndi zomwe zikutchedwa zopatsidwa. Magawo amasanjidwa kuchokera pa lotsika kufika pa lapamwamba, ndipo mwa chizolowezi gawo lililonse limatenga zopatsidwa zonse za magawo apansi n'kuwonjezerapo zake. Njira imeneyi inafala kwambiri kudzera mu kampani ya Patreon, imene Jack Conte ndi Sam Yam anayambitsa mu 2013 ku America kuti oimba ndi aluso ena azilandira thandizo lokhazikika kwa otsatira awo.

Mtengo wolembedwa pa gawo si ndalama yofika m'manja mwa mwini ntchito, chifukwa umadulidwa kawiri. Choyamba ndi gawo la kampani yosonkhanitsa ndalamazo, limene kwa oyamba kumene pa Patreon kuchokera mu Ogasiti 2025 ndi 10 peresenti. Chachiwiri ndi malipiro a kayendetsedwe ka ndalama, amene pa zopereka zopitirira madola 3 akhala ali 2.9 peresenti kuphatikiza masenti 30 pa kupereka kulikonse. Popeza masenti 30 amenewa sasintha, amaluma kwambiri pa zopereka zazing'ono: pa madola 5 pamatsala pafupifupi 4.05, pa madola 10 pamatsala 8.41, ndipo pa madola 25 pamatsala pafupifupi 21.47, msonkho wa boma usanachotsedwe. Kulemera kwa ndalama yosasinthayi kunaonekera mu Disembala 2017, pamene Patreon inalengeza kuti malipirowo aziwasenza othandiza okha, ambiri opereka dola imodzi n'kuyamba kuchoka, mpaka kampaniyo inabweza ganizolo patangopita masiku ochepa.

Chinthu chofunika kwambiri posankha zopatsidwa ndi kuzindikira kuti zili m'mitundu iwiri malinga ndi ntchito imene zimafuna. Zina zimakonzedwa kamodzi n'kufikira onse, monga pologalamu yowonjezera, kumva ntchito ena asanaimve, kapena msonkhano umodzi wa mamembala onse, ndipo ntchito yake imakhala yomweyo kaya mamembala ndi khumi kaya ndi chikwi. Zina zimachitidwa kwa munthu mmodzimmodzi, monga kalata yolembedwa pamanja, katundu wotumiza pa positi, kapena kucheza ndi membala payekha, ndipo ntchito yake imakula membala aliyense akawonjezeka. Mtundu wachiwiriwu ndi umene umakopa maso polengeza magawo, komanso ndi umene umatopetsa eni ntchito ambiri pakapita miyezi.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mawerengedwe ake. Wopanga pologalamu yomvera ali ndi magawo atatu: la madola 5 lili ndi anthu 120 amene amamva pologalamu tsiku limodzi ena asanaimve, la madola 10 lili ndi anthu 40 amene amalandiranso pologalamu yowonjezera mwezi uliwonse, ndipo la madola 25 lili ndi anthu 10 amene amachezanso naye mphindi 30 aliyense payekha ndi kulandira khadi pa positi. Gawo loyamba limabweretsa pafupifupi madola 486 pa ntchito yosakwana ola limodzi, choncho palibe chodetsa nkhawa.

Poyesa magawo awiri enawo, cholakwika chofala ndi kutenga ndalama yonse ya gawo ngati malipiro a chopatsidwa chake, pomwe choyenera kuwerengedwa ndi kusiyana kwake ndi gawo lapansi, popeza ambiri mwa anthuwo akadathandizabe pa mtengo wotsika chopatsidwacho chikadapanda kukhalapo. Membala wa madola 10 amabweretsa pafupifupi 4.36 kuposa wa madola 5, kotero anthu 40 amawonjezera madola 174, ndipo ngati kukonzekera, kujambula mawu ndi kukonza pologalamu yowonjezerayo kumatenga maola 10, ola lililonse likubweretsa madola 17. Membala wa madola 25 amabweretsa pafupifupi 13.06 kuposa wa madola 10, kotero anthu 10 amawonjezera madola 131, amene amatsika kufika pa 101 ngati khadi ndi sitampa zikudya madola 3 pa munthu. Kucheza kwa mphindi 30 nakonso sikuthera pa mphindi 30, chifukwa pali kupangana nthawi, kusintha tsiku membala akalephera, kulemba khadi ndi kupita ku positi, zimene pamodzi zimakwana ola limodzi pa munthu. Gawo lodula kwambiri likubweretsa madola 10 okha pa ola.

Kusiyana kwenikweni kumaonekera mamembala akachuluka. Gawo lapakati likafika anthu 80, maola amakhalabe 10 ndipo ola limodzi limabweretsa pafupifupi madola 35, koma gawo lapamwamba likafika anthu 20, maola amakhala 20 ndipo malipiro a ola amakhala pomwe analiri, pamene nthawi yopangira pologalamu yeniyeni yachepa.

Zizindikiro zakuti magawo alemera mopitirira muyezo sizivuta kuziona. Ntchito yaikulu imayamba kutuluka mochedwa pomwe zopatsidwa zikutuluka pa nthawi yake, malonjezo a mwezi watha amakumana ndi a mwezi uno, ndipo ena amalowa gawo lapamwamba mwezi umodzi wokha, n'kuchoka atangolandira mphatso yawo. Chizindikiro chomalizachi chimakhudza chiwerengero cha ochoka, chimene chimapezeka pogawa mamembala amene asiya m'mwezi ndi amene analipo kumayambiriro kwa mweziwo, ndipo chiyenera kuwerengedwa pa gawo lililonse palokha, chifukwa chiwerengero chophatikiza chimabisa gawo limene likudontha.

Njira zokonzera zimachokera pa kugawa zopatsidwa m'mitundu iwiri kuja. Chopatsidwa cha munthu mmodzimmodzi chingasinthidwe kukhala cha onse, monga kucheza kwa ola limodzi ndi anthu 10 aja pamodzi, kumene pamodzi ndi kukonzekera kungatenge maola awiri m'malo mwa 10. Chingaikidwenso malire a anthu olowa, zimene Patreon imalola pa gawo lililonse, kapena kuchitidwa kamodzi pa miyezi itatu, pomwe katundu wa pa positi angaperekedwe kwa okhawo amene akwanitsa miyezi ingapo. Komabe kuchotsa chimene chinalonjezedwa kale kumakhumudwitsa anthu kuposa kuchedwa kuwonjezera chatsopano, motero nzeru yabwino ndi kuyamba ndi magawo awiri kapena atatu okhala ndi malonjezo ochepa, kulemba maola enieni ogwiridwa kwa miyezi ingapo, kenaka n'kuwonjezera chokhacho chimene mwini ntchito angathe kuchikwaniritsa ngakhale m'mwezi umene wadwala kapena watanganidwa.