Kuyankha Akulu ndi Apongozi

Pakati pa Achewa, mwana akaitanidwa ndi wamkulu sayankha "ee" ali chikhalire, koma amavomera kuti "wawa" kapena "ndabwera", nasendera pafupi, nagwada kapena kunjuta, pakuti thupi limayankha limodzi ndi pakamwa. Wamkulu, ngakhale ali mmodzi yekha, timamutchula mochulukitsa: "inu", "mwadzuka", "anena"; mawu oti "iwe" ndi a ana ndi anzako a msinkhu umodzi.

Kwa apongozi mwambo ukulirapo. Mkamwini satchula dzina lawo, koma amati "amayi", "abambo", kapena mfunda wawo, monga aPhiri kaya aNabanda, nalankhula maso ali pansi, atakhala chapatali. Wonena "iwe" pamenepa wanyoza banja lonse.