Dzina la pachivindikiro si dzina la dalaivala

Wokonza makompyuta ku Nyimba, kaya ku Petauke, sadalira intaneti ngati mnzake wa ku Lusaka. Mabandulo a MTN, Airtel ndi Zamtel amadya ndalama, ndipo magetsi a ZESCO akathima, monga ankathimira maola ambiri chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, ntchito yokoka mafayilo imadukira panjira. Motero shopu yake imakhala mu fulashi kapena mu diski yonyamula m'manja. Koma fulashiyo imathandiza malinga ndi mmene mwini wake amamvera mawu awiri omwe ambiri amangowatchula mwachizolowezi: instola ndi dalaivala.

Instola ilipo ya mitundu iwiri, ndipo dzina la fayilo silinena msanga kuti ndi iti. Ina ndi kafayilo kakang'ono komwe ntchito yake ndi kukaitana pulogalamu yeniyeni pa intaneti. `ChromeSetup.exe` ndi yotere: ukaiyika mu fulashi n'kupita nayo kopanda netiweki, wanyamula thumba lopanda ufa. Yofunika ndi yomwe pa tsamba la eni ake yalembedwa kuti `offline installer` kapena `standalone`, ndipo imadziwika ndi kulemera kwake, chifukwa ya Chrome imapitirira mamegabaiti 100. Njira yotsimikizira ndi imodzi basi: kuzimitsa intaneti n'kuiyesa.

Mawu akuti dalaivala ndiwo amasocheretsa kwambiri. Kasitomala amati wabweretsa HP kapena Dell, ndipo wokonza wosazama amasanja mafoda ake motsatira mayina omwewo. Komatu dalaivala salankhula ndi chivindikiro cha laputopu. Amalankhula ndi kachipu ka m'kati, komwe kanapangidwa ndi kampani ina. Malaputopu awiri a mtundu umodzi akhoza kukhala ndi makadi a waifai osiyana, wina wa Intel, wina wa Realtek. Dzina lenileni la chipangizo limapezeka mu `Device Manager`: pa chinthu chomwe chili ndi chizindikiro chachikasu, kulowa mu `Properties`, kenako `Details`, n'kusankha `Hardware Ids`. Tinene kuti patuluka `PCI\VEN_10EC&DEV_8168`. Nambala yotsatira `VEN` imatchula wopanga, ndipo `10EC` ndi Realtek, monga `8086` ali Intel ndi `14E4` Broadcom. Yotsatira `DEV` imatchula chipangizocho, pano khadi ya intaneti ya chingwe. Dalaivala mmodzi ameneyu amagwira pa makina ambirimbiri a mayina osiyana, n'chifukwa chake kusanja mafoda motsatira chipu kumasunga malo komanso nthawi. Ndipo foda ya netiweki ndiyo iyenera kudzaza koyamba, pakuti kompyuta yopanda dalaivala wa netiweki singathe kudzikokera yokha enawo.

Wina anganene kuti zonsezi n'kudzivutitsa, popeza `Snappy Driver Installer Origin` imawerenga yokha manambalawo n'kusankha. Ndi zoona, ndipo ndi chida chabwino kukhala nacho. Koma mtolo wake wonse umalemera magigabaiti makumi angapo, omwe kuwakoka ndi bandulo ya pafoni n'kulanga thumba. Wanzeru amayamba ndi gawo la netiweki lokha. Chinanso, pulogalamuyi imagwira ntchito `Windows` ikalowa kale. Malaputopu ambiri a Intel a m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo amafika pamalo posankha diski n'kusonyeza mndandanda wopanda kanthu. Wosadziwa amauza kasitomala kuti diski yafa. Diskiyo ili bwino: chasowa ndi dalaivala wa `Intel RST VMD`, yemwe amalowetsedwa podina `Load driver`, ndipo apa pamafunika fayilo ya `.inf` yomasulidwa kale, osati ya `.exe`. Dalaivala weniweni ndi `.inf` pamodzi ndi mafayilo anzake. `.exe` ndi chokutira chabe.

Amene wamvetsa zimenezi amaona kuti gwero lotsika mtengo la madalaivala ndi makina omwe abwera pa tebulo lake. Asanafufute `Windows` yakale, ngati ikuyakabe, amatsegula `Command Prompt` ngati `Administrator`, n'kukopera madalaivala mu foda yomwe wapangiratu pa fulashi:

```
dism /online /export-driver /destination:E:\Drivers
```

Akamaliza kuika yatsopano amawabwezera:

```
pnputil /add-driver E:\Drivers\*.inf /subdirs /install
```

Chilembo `E` chimasintha malinga ndi mmene kompyuta yaitchulira fulashiyo. Fodayo akailemba dzina la modelo ndi tsiku, imadikira laputopu ina yofanana nayo. Chosamala n'chakuti fulashi yolowa m'makina a aliyense imatola mavairasi, choncho kope lenileni likhale pa diski ina yomwe sikhudza kompyuta ya kasitomala, ndipo fulashi ikakayikitsa ifufutidwe n'kudzazidwanso kuchokera pamenepo.